Phunziro la Malonda: Kuyankha Kalata Yolonjerera Ndalama

Tiyerekeze kuti amalume anu amagulitsa mbuzi ku Ngabu. Mwini butchala wina wa ku Limbe analipira mbuzi 20 pa mtengo wa K60,000 iliyonse. Tsiku lodzatenga anapeza 17 zokha, ndipo anagwirizana kuti zitatu zotsalazo zibwera pambuyo. Mbuzi ziwiri zinafera m'galimoto yake pokwera zitunda za ku Thabwa. Tsopano walemba kalata yofuna K350,000 pasanathe masiku 7, apo ayi akasuma kukhoti.

Musanayankhe, gawani ndalamayo m'zigawo. K180,000 ndi ya mbuzi zitatu zomwe sanalandire, K120,000 ndi ya ziwiri zakufa, pomwe K50,000 ndi ya mayendedwe. Pa chigawo chilichonse dzifunseni kuti: tinagwirizana chiyani, nanga umboni uli kuti?

Chigawo choyamba ndi ngongole yeniyeni, choncho ivomerezeni mosazungulira. Zigawo ziwiri zinazo muli ndi zifukwa zozikanira. Wogula anaziyang'ana yekha mbuzizo, anasayina lisiti, n'kuzikweza m'galimoto yake. Kuyambira pamenepo zinali m'manja mwake. Lisitilo likusonyezanso kuti mtengo unali wa pakhola, osaphatikiza mayendedwe.

Mukalemba keyala, tsiku ndi mutu, thunthu la kalata likhoza kukhala lotere:

"Bambo, ndalandira kalata yanu yofuna K350,000. Ndikuvomera K180,000 ya mbuzi zitatu zomwe simunalandire, ndipo ndikutumizirani pofika Lachisanu pa 14 mwezi uno. K120,000 sindikuivomera chifukwa mbuzi 17 munaziyang'ana nokha n'kusayina kuti zili bwino, ndipo ziwirizo zinafa zili m'galimoto yanu. K50,000 ya mayendedwe sindikuivomeranso chifukwa tinagwirizana mtengo wa pakhola. Ndaphatikiza kope la lisiti. Ngati muli ndi chikalata cha alangizi a ziweto chosonyeza kuti mbuzizo zinali zodwala kale, nditumizireni ndiunikenso nkhaniyi."

Chiganizo chomalizachi chili ndi ntchito yake. Zitadziwika kuti amalume ankadziwa za matenda koma anabisa, chifukwa chawo chokanira K120,000 chikhoza kugwa. N'chifukwa chake muyenera kuwafunsa zoona zake musanalembe.

Ambiri amalakwitsa polemba kuti "pepani pa zonse zachitika, ndikonza." Mawu otere wogula akhoza kuwaonetsa kwa majisitireti ngati umboni woti munavomera K350,000 yonse. Ena amakana zonse chifukwa cha mkwiyo, ndipo lisiti la mbuzi 20 likatulutsidwa palibenso amawakhulupirira pa zinazo. Yankhani masiku 7 aja asanathe, sungani kope la kalata yanu, komanso uthenga wa pafoni wotsimikiza kuti K180,000 yapita.

Ntchito: Wogula wa ku Bangula analipira matumba 10 a mapira, analandira 8, koma akufuna ndalama za matumba onse ponena kuti afumbwa patatha miyezi inayi ali kwake. Lembani yankho la ndime zitatu.