Kangachepe ka pa khadi: werengani nambala musanadine batani lobiriwira

Kale nkhaniyi inalibe mutu. Munthu ukadya mbalagha yako pa boma la Karonga, unkapereka ndalama za pepala, chenji chikabwera n'kumuuza mwana woperekera zakudya uja kuti, “Zotsalazo gulani sopo.” Zinkathera pomwepo. Masiku ano m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi m'malesitilanti ena a m'mbali mwa msewu wa M1 akumakubweretsera kamakina kolipirira ndi khadi, ndipo pa khadi palibe chenji. Ngati mukufuna kuthokoza amene wakutumikirani, ndalama yothokozayo, imene ambiri akungoti tipu, iyenera kulowa m'kamakinamo musanavomereze kulipira. Banki imachotsa nambala imene inali pa galasi la makina panthawi imene munalemba nambala yanu yachinsinsi, osati imene munagwirizana pakamwa.

Tiyambe ndi bilu. Tinene kuti banja ladya chambo ndi mpunga wa Kilombero, ana amwa zoziziritsa kukhosi, zonse pamodzi zakwana K28,500. Musanaganize za tipu, werengani mizere ya m'munsi mwa biluyo. Msonkho wa VAT ndi wa boma, supita kwa woperekera zakudya. Koma mukaona mzere wolembedwa `Service Charge`, ndiye kuti eni malowo aika kale ndalama ya utumiki, ndipo kuwonjezera ina n'kufuna kwanu chabe. Kuno kwathu palibe lamulo lokakamiza tipu. Malo amene amalandira alendo akunja anazolowera 10 peresenti, imene pa bilu yathuyi ndi K2,850. Kuipeza n'kosavuta: chotsani ziro mmodzi kumapeto kwa bilu. Ine sindilimbana ndi maperesenti. Ndimangokweza bilu kuti ithere pabwino, K28,500 ikhale K31,000, ndiye kuti tipu ndi K2,500.

Makina ambiri amene mabanki athu amapereka kwa amalonda safunsa n'komwe za tipu. Woperekera zakudya amalemba ndalama imodzi, n'kukupatsirani kuti muike khadi. Pa makina oterewa nthawi yolankhula ndi asanayambe kudina. Muuzeni momveka kuti, “Achemwali, lembani K31,000, K2,500 yapamwambayo ndi yanu.” Akalemba kale K28,500, musavutike: adine batani lofiira, ayambirenso. Palibe chimene chachoka ku akaunti yanu malinga ngati simunavomereze.

Makina ena, makamaka atsopano ooneka ngati foni yaikulu, ndiponso amene mungakumane nawo mukapita ku Joni, amafunsa okha. Bilu ikalembedwa, pa galasi pamabwera mawu akuti `Tip` kapena `Gratuity`, nthawi zina ndi timabokosi ta 10%, 15% ndi kena kolembedwa `No Tip`. Mukakhudza kabokosi, makina amawerengetsa okha n'kuonetsa zonse pamodzi. Kukhudza `No Tip` si kuchita mwano, kabokosiko anakaika dala kuti wosafuna adutse. Povuta ndi pamene makina akupatsani malo oti mulembe nokha, chifukwa mafunso amene angakufunseni ndi awiri osiyana, ndipo anthu amasokonezeka pomwepa.

Funso loyamba ndi `Tip Amount`. Apa akufuna tipu yokha, K2,500, ndipo makina aphatikiza okha ndi bilu. Funso lachiwiri ndi `Total` kapena `Enter Total`. Apa akufuna zonse pamodzi, K31,000, ndipo makina achotsapo bilu kuti apeze tipu. Mukasokoneza funso lachiwiri, n'kulemba K2,500 pamene akufuna zonse, makina amakana chifukwa ndalamayo ndi yochepera pa bilu, ndiye palibe chatayika. Koma mukasokoneza loyamba, n'kulemba K31,000 pamene akufuna tipu yokha, makina sadabwa. Amangophatikiza K28,500 ndi K31,000, n'kuonetsa K59,500. Mukakhala kuti maso ali kwa mwana amene akuthamangira kunyanja, chala n'kudina batani lobiriwira, mwalipira chakudya kawiri.

Galasi lomaliza musanafike pa nambala yachinsinsi limaoneka chonchi pa makina ofunsa tipu:

```
Amount   28,500.00
Tip       2,500.00
Total    31,000.00
```

Mzere wachitatuwo ndiye wofunika kuuwerenga pang'onopang'ono, ngakhale kumbuyo kwanu kuli mzere wa anthu.

Pali kanthu kenanso ka maziro. Makina ambiri amayamba kudzaza nambala kuchokera ku matambala, ngakhale kuti tambala tinaiwala kale maonekedwe ake. Mukadina 2, 5, 0, 0, pa galasi pamaoneka 25.00, kutanthauza K25 yokha, yosagula ngakhale machesi. Kuti ikwane K2,500 muyenera kuwonjezera maziro ena awiri, ioneke 2,500.00. Makina ena satero, amaika okha .00 kumapeto. Tsono munthu amene anazolowera mtundu woyamba akafika pa wachiwiri, amawonjezera maziro awiri aja n'kulemba K250,000. Ngati mu akaunti mulibe ndalama zotere, banki imakana, mwapulumuka. Ngati ndi sabata ya malipiro kapena mwangogulitsa kumene matumba a mpunga, zimadutsa. Batani lachikasu ndi lofufutira nambala imodzi imodzi, lofiira ndi lothetsa zonse.

Zimene zinandichitikira ine n'zina. Tinali pamalo ena odyera pafupi ndi nyanja, masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kwa ku Karonga kuja kumene malaya amamatira pamsana. Dzuwa linkawala pa galasi moti zilembo sizinkaoneka bwino. Mnyamata woperekera zakudya atandipatsira makina, ndinangoganiza kuti akufuna nambala yachinsinsi monga mwa masiku onse, ndiye ndinadina manambala anga anayi. Mnyamatayo anandigwira dzanja mwaulemu, nati, “Bwana, dikirani kaye, pamenepo mpa tipu.” Nditaphimba galasi ndi chikhatho ndinaona nambala yanga yachinsinsi ili poyera, itasanduka ndalama. Ndikanadina lobiriwira ikanaphatikizidwa ku bilu, komanso ikanasindikizidwa pa lisiti yotsala pa kauntala. Chizindikiro chake n'chosavuta kugwira. Makina akamafunsa nambala yachinsinsi amalemba `Enter PIN`, ndipo mukamadina pamaoneka tinyenyezi kapena timadontho. Mukaona manambala enieni akutuluka, simuli pa malo a nambala yachinsinsi. Ine ndinakasinthabe nambalayo pa makina otapira ndalama madzulo omwewo, popeza maso a wina anali ataiona.

Makhadi ongogunditsa pa makina osalowetsa amafuna kusamala kwina. Pa ndalama zochepa ena safunsa nambala yachinsinsi, choncho kugunditsako ndiye kuvomereza. Musapereke khadi lotere m'manja mwa munthu musanaone `Total`.

Nanga mukazindikira mochedwa, lisiti itatuluka kale ndi mawu akuti `Approved`? Musachoke pamalopo. Itanani woyang'anira, chifukwa nthawi zambiri ndi iye amene ali ndi nambala yotsegulira mbali ya makina yobwezera ndalama. Pemphani kuti achite `Void`, kutanthauza kufafaniza malipirowo ngati kuti sanachitike. Zimenezi zimatheka malonda a tsikulo asanatsekedwe n'kutumizidwa ku banki, kawirikawiri tsiku lomwelo. Akatseka, chotsala ndi `Refund`, ndipo ndalama imatha kutenga masiku angapo isanabwerere. Kaya ndi njira iti, makina amatulutsa lisiti ina yosonyeza kubwezako. Tengani malisiti onse awiri, ndipo muwajambule pa foni, poti zilembo za pa timapepala timeneti zimafufutika msanga tikakhala m'thumba lotentha. Akakuuzani kuti angokubwezerani ndalama za pepala, ndi bwinonso, bola awerenge pamaso panu.

Lisiti itatuluka yolondola koma mwaiwala tipu, musalole kuti khadi lilowenso kachiwiri pa bilu yonse. Ena amaganiza kuti kulemba K31,000 kachiwiri kufafaniza K28,500 yoyamba ija. Sikufafaniza, zonse ziwiri zimachoka. Chimodzimodzinso netiweki ikavuta, makina n'kukhala nthawi akuzungulira osatulutsa lisiti. Musanabwereze, dikirani uthenga wa ku banki pa foni kapena onani ndalama zotsala mu akaunti. `Declined` ikasindikizidwa pa pepala, sungani pepalalo, ndiwo umboni wanu ngati ndalama itachokabe.

Pa Airtel Money ndi Mpamba zinthu n'zosiyana pang'ono. Mukamalipira malonda kudzera pa `*211#` kapena `*444#`, kapena pa pulogalamu ya banki ya m'foni, mumalemba nambala ya wamalonda kenako ndalama, ndipo bokosi la ndalama ndi limodzi. Mukafuna kuika tipu momwemo, muwerengetse nokha n'kulemba zonse pamodzi. Musanalembe nambala yachinsinsi pamabwera uthenga wotchula dzina la wolandira ndi ndalama, ndipo apa ndiye powerengera. Koma pa foni muli ndi mwayi umene pa khadi mulibe: mukhoza kulipira K28,500 ku nambala ya malowo, kenako n'kutumiza K2,500 ku foni ya woperekera zakudya mwini. Mufunseni dzina kaye kuti mulifanizire ndi limene lituluke. Kumbukiraninso kuti kutumiza kuli ndi mtengo wake, ndipo iyenso akadulidwa pokatapa kwa ejenti, choncho tipu yaing'ono kwambiri imatha kuthera m'njira.

Izi zikutifikitsa pa funso limene ambiri safunsa: kodi K2,500 ya pa khadi ija imafika kwa woperekera zakudyayo? Makina sadziwa dzina lake. Ndalama yonse, bilu ndi tipu, imalowa mu akaunti ya eni malo, banki itadulako gawo lake. Malo ena amawerengetsa madzulo n'kupatsa aliyense zake, ena amasonkhanitsa n'kugawa pakutha pa mwezi kuphatikizapo ophika ndi otsuka mbale, ndipo ena, tinene zoona, sizidziwika kumene zimapita. Pa makina osafunsa tipu aja ndiye lisiti sisonyeza n'komwe kuti panali tipu, imangoonetsa K31,000 ngati malonda. Ndiye lembani ndi cholembera pa bilu ya pepala kuti tipu K2,500, kuti wowerengetsa madzulo asadabwe ndi ndalama yopitirira. Ine ndimafunsa motsitsa mawu ndisanalipire: “Achimwene, ndikaika pa khadi zimakupezani?” Akayankha msanga kuti inde, ndimaika pa makina. Akayamba kumwetulira n'kuyang'ana ku kauntala, ndimadina `No Tip`, kulipira K28,500 yokha, n'kupisa m'thumba kufuna K2,000 ndi K500 za pepala.