Mnzanu akatha masiku osagona chifukwa cha tiki

Tiki, yemwe madokotala amati methamfetamini, ali m'gulu limodzi ndi amfetamini ndi ufa uja amati kati kuno ku Pretoria. Ena mwa abale athu ogwira ntchito yaulonda kapena m'malo odyera a mumsewu wa Lynnwood amamuyamba pofuna kupirira ntchito ya usiku. Vuto lalikulu limabwera munthu akamasuta mobwereza, osagona, kwa masiku angapo. Ngati mukugona chipinda chimodzi ndi munthu wotere, ndinu amene mudzayambe kuona zizindikiro.

Choyamba, werengani masiku amene watha osagona. Tiyerekeze kuti wasuta Lachisanu madzulo. Thupi limatenga maola 10 mpaka 12 kuti lichotse theka lokha la mankhwalawo, choncho Loweruka m'mawa theka lina likadali m'magazi. Chisangalalo chimatha msanga kuposa pamenepo, ndiye amasutanso, watsopano n'kuunjikana pa wadzulo. Tiki amakakamiza ubongo kutulutsa dopamini ndi noradirenalini wambiri, ndipo noradirenaliniyu ndi amene amatisunga maso pa ngozi. Kutopa sikunachoke ayi, kwangophimbidwa, ndipo kukuchulukana ngati katapila.

Kenako mvetserani zimene akulankhula. Dopamini ndi amene amauza ubongo kuti chinthu ichi n'chofunika, chitchere khutu. Akachuluka, chilichonse chimaoneka ngati chili ndi tanthauzo. Galimoto ya kampani yachitetezo imene imadutsa mumsewu usiku uliwonse, iye ayamba kunena kuti ikufuna iyeyo. Kusagona pakokha kumachititsa munthu kuona zinthu zomwe palibe, ndiye ziwirizi zikaphatikizana, pofika Lamlungu kapena Lolemba amasuzumira pawindo kosalekeza, kumva mawu, mwinanso kudzikanda mpaka zilonda poganiza kuti tizilombo tikuyenda m'khungu. Apa ambiri timathamangira kunena kuti amulodza, ndipo nthawi yopita kuchipatala imatayika.

Musatsutsane naye, komanso musamuvomereze. Kunena kuti “ukunama iwe” kumakusandutsani mmodzi wa adani akewo. Lankhulani motsitsa mawu: “Achimwene, ndikuona kuti mukuchita mantha. Ine ndili pano.” Zimitsani wailesi, anthu achepe m'chipindamo, mipeni muichotse mwakachetechete, ndipo musatseke njira ya pakhomo, yake ngakhale yanu.

Tsopano mtima, pakuti ndi umene umapha. Noradirenalini amathamangitsa mtima ndi kufinya mitsempha ya magazi, kuphatikizapo imene imadyetsa mtimawo. Motero mtima ukugwira ntchito yaikulu pamene magazi ofika kwa iwo achepa, ndipo usiku umene unayenera kupumako sunapume. Munthuyo sakudya, sakumwa madzi, thukuta lili kamukamu, mchere wa m'magazi n'kusokonekera, mtima n'kuyamba kugunda modumphadumpha. Akalola, ikani zala ziwiri pamkono pake mmunsi mwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Munthu wamkulu wongokhala amapeza 60 mpaka 100 pa mphindi. Ngati atakhala pansi kwa kanthawi zikupitirirabe 120, akufunika dokotala.

Imbani 112 pafoni yam'manja, kapena 10177, nthawi yomweyo ngati akumva kupweteka pachifuwa, akubanika, mutu ukumupweteka koopsa, mbali imodzi ya thupi yafooka, wakomoka, akugwedezeka ngati wakhunyu, kapena thupi latentha kwambiri uku akubwebweta. Auzeni zoona: chimene wasuta, nthawi imene anasuta komaliza, ndi masiku amene sanagone. Za mapepala zisakuletseni. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo chipatala cha Tshwane District ndi cha Steve Biko ndi zaboma.

Podikira ambulansi, mumasuleni zovala, mumupukute ndi nsalu yonyowa, ndipo ngati ali maso mumumwetse madzi pang'onopang'ono. Musamupatse mowa, mapiritsi ogonetsa kapena mapiritsi a mtima a munthu wina. Musamugwetse pansi n'kumukhalira pamsana. Munthu wolimbana ali ndi tiki m'magazi thupi limatentheratu, ndipo mtima ukhoza kuima.

Mankhwalawo akatha m'thupi amagona kwambiri, mwina tsiku lathunthu, n'kudzuka ndi njala. Mugonekeni chammbali, muziona ngati akupuma bwino. Masiku otsatirawo amakhala wokhumudwa zedi, ndipo ena amaganiza zodzipha, choncho musamusiye yekha. Mantha aja nthawi zambiri amazilala pakatha masiku angapo akugona bwino. Akapitirira sabata, apite kuchipatala, chifukwa misala yotere imatha kukhalitsa ndipo imabwerera msanga akasutanso.

Akatsitsimuka, ndi pamene mungakambe naye zosiya. Nambala yaulere ya 0800 12 13 14 imathandiza pa za mankhwala ozunguza bongo, ndipo pulogalamu ya COSUP, imene mzinda wa Tshwane ndi yunivesite ya Pretoria anayambitsa mu 2016, ili ndi malo othandizirako anthu m'madera angapo a mzindawu. Muperekezeni ulendo woyamba.