Kalata yotsegulitsa Mpamba kapena Airtel Money mutasinthitsa simu khadi: zoyenera ndi zosayenera

Akuba ndalama za pafoni amakonda kusinthitsa simu ya munthu wina mwachinyengo, n'chifukwa chake kampani imatha kuyamba yatseka akaunti simu ikangosinthidwa. Ndalama zanu zilipo ndithu. Wowerenga kalata yanu akungofuna umboni woti mwini nambalayo ndinudi.

Zoyenera: Lembani dzina monga lilili pa chiphaso cha unzika, nambala ya chiphasocho ndi nambala ya foni. Phatikizani fotokope ya chiphaso, mbali zonse ziwiri.

Zosayenera: Musabise ngati simuyo inalembetsedwa m'dzina la wina. Pa kalembera wa masimu wa 2018, ena analembetsa ndi chiphaso cha amuna awo kapena cha achimwene, lero anaiwala. Mayina akasiyana, kalata siyenda ngakhale mutailemba mokoma chotani. Pitani naye mwini chiphasoyo, kapena yambani mwapempha kuti nambala ilowe m'dzina lanu.

Zoyenera: Tchulani tsiku ndi shopu yomwe anakusinthirani simu, chifukwa chake, ndi nambala yaitali yoyamba ndi 89 yomwe ili pa simu yatsopanoyo. Mawu ochepa akwana: "Bwana, foni yanga inabedwa m'minibasi. Lachiwiri lapitali ndinasinthitsa simu pa shopu yanu ya ku Limbe. Kuimba ndikuimba, koma akaunti ya ndalama ndi yotseka. Ndikupempha kuti muitsegule."

Zosayenera: Musangoti "sizikutheka". Koperani uthenga womwe ukubwera mukayimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Akaunti yotsekedwa kaamba ka simu yatsopano ndi ina, yotsekedwa kaamba kolakwitsa PIN ndi inanso, choncho lekani kuyesayesa manambala mongoganizira.

Zoyenera: Nenani ndalama zomwe zinatsala, ngakhale moyerekeza, ndi zomwe munachita komaliza: munagula mayunitsi a magetsi a K10,000, munatumizira amayi K25,000 kumudzi. Wakuba kawirikawiri sadziwa zimenezi.

Zosayenera: PIN isalembedwe m'kalata, yakale kapena yomwe mukufuna. Kalata imadutsa m'manja ambiri. Wina akakuimbirani kuti ndi wa kukampani ndipo akufuna PIN kapena "kangachepe" kuti afulumize, dulani foni.

Zoyenera: Kaperekeni nokha kalatayo ku shopu ya kampani, chiphaso chenichenicho chili m'manja. Konzani makope awiri, imodzi akudindireni ndi kulembapo tsiku, ndipo funsani nambala ya dandaulo lanu. Ikaninso nambala ina yokupezerani.

Zosayenera: Kalatayo musaisiye kwa ejenti wa pamsika. Iye ntchito yake ndi kuika ndi kutapa ndalama, kutsegula akaunti yotsekedwa sangathe. Musathamangirenso ku Reserve Bank of Malawi kapena ku MACRA kampani isanakuyankheni. Nthawi yomwe anakulonjezani ikadutsa muli chidikirire, pamenepo pitani, kope yodinda ija ili m'thumba.