Atelala, onetsani zomwe mwasoka nokha

Pamakonde ambiri a atelala, kaya ndi ku Limbe, ku Ndirande kapena mumsika wa Lilongwe, mupeza tchati cha masitayilo chili pakhoma. Zithunzi zake n'zokongola, koma zovalazo anasoka ndi anthu ena. Kasitomala akaloza chimodzi n'kufunsa kuti, "Ichi mungachithe?" telala aliyense amangovomera. N'chifukwa chake mayi amene wagula zitenje zodula za chinkhoswe amakayika kuzisiya kwa munthu yemwe sakumudziwa. Chomwe akufuna kuona ndi ntchito ya manja anu, ndipo mungamuonetse ngati mumasunga zithunzi za zomwe mwamaliza.

Tiyerekeze kuti mwasoka nashonolo weya, bulauzi ndi siketi yaitali, kuchokera ku zitenje ziwiri za mamita awiriawiri. Tsiku lojambula ndi lomwe mwiniwake wabwera kudzayesa komaliza. Ikatuluka pakhomo panu ndiye kuti yapita, ndipo lonjezo loti "ndikutumizirani chithunzi" silichedwa kuiwalika. Yambani mwaisita ndi kudula tiulusi tonse totsalira. Musaijambule ili pa hang'ala, chifukwa pamenepo sizioneka ngati mumadziwa kuyeza thupi la munthu.

Zithunzi zitatu zikwanira. Choyamba chikhale chakutsogolo, munthu ataima chilili manja ali m'mbali, kuti mapewa ndi pachifuwa zioneke. Chachiwiri ndi chakumbuyo, ndipo kwa ine chimenechi ndiye chimakopa makasitomala. Kumbuyo n'komwe kuli zipi, komanso n'komwe maluwa a chitenje amakumana pamsoko wapakati. Duwa likakumana bwinobwino ndi linzake, mayi wodziwa zovala amaona msanga kuti telalayu anadula nsalu modekha. Chachitatu jambulani chapafupi chovalacho atachivula: chitembenuzeni kuti aone layiningi, mpendero ndi mmene munatchingira m'mphepete mwa nsalu kuti isamasosoke. Ngati mulibe makina a ovaloko koma mumapinda msoko mwaudongo, onetsani zimenezo.

Musanasunge chithunzi, chiyang'anitsitseni, pakuti kamera siyibisa. Makwinya opingasa pachifuwa kapena m'chiuno akutanthauza kuti chovala chathina. Zipi yopindikapindika ngati njoka ndiye kuti nsalu inakokeka poisoka. Mukaona zotere konzani kaye, kenako mujambulenso.

Foni wamba ndi yokwanira. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pamthunzi, kutsogolo kwa khoma lopanda zolembalemba. Dzuwa la masana limawalitsa nsalu mpaka mtundu wake kusintha, ndipo m'kati mwa shopu mumachita mdima. Pukutani galasi la kamera, ndipo foni ikhale cha pachifuwa pa wojambulidwayo kuti siketi isaoneke yaifupi.

Pemphani chilolezo nthawi zonse. Ena safuna nkhope yawo kuonekera, choncho jambulani kuyambira m'khosi kutsika. Ndipo chovala cha ukwati kapena chinkhoswe musachionetse kwa anthu mwambo usanachitike. Mkwatibwi akaona diresi lake pafoni za anzake tsiku lisanafike, mwataya iyeyo pamodzi ndi abale ake onse.

Ambiri amangoika zithunzi pa Status ya WhatsApp, koma pamenepo zimachoka pakatha maola 24. Ngati muli ndi WhatsApp Business, ziikeni mu Catalogue momwe zimakhalitsa. Komabe foni imabedwa, imagwa m'madzi, imatha moto kasitomala ali pomwepo. Tsukitsani zithunzi khumi kapena khumi ndi zisanu zabwino koposa, muziike mu alubamu yokhala pambali pa makina. Musasakanize: nashonolo weya payokha, masuti paokha, mayunifolomu a sukulu ndi a kwaya paokha. Yesetsaninso kuti mukhale anthu a matupi osiyana, chifukwa mayi wonenepa akaona ochepa thupi okhaokha amaganiza kuti iye simungamuthe.

Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani mwezi womwe munasoka, mamita a nsalu omwe analowa ndi masiku omwe chinakutengerani. Pa nashonolo weya ija mungalembe kuti: zitenje ziwiri, layiningi mamita awiri, zipi ziwiri, masiku anayi. Wina akadzailoza, mudzamuuza pomwepo zoti akagule ndi tsiku lodzatenga. Mtengo wokha musalembe, chifukwa ulusi ndi zipi zikukwera pafupipafupi, ndipo kasitomala akauwerenga adzaumirira wa chaka chatha.

Nanga amene mwangomaliza kuphunzira, mulibe makasitomala? Gulani chitenje chotchipa, musokere mchemwali wanu kapena mwana wa aneba, mumujambule chimodzimodzi. Zovala zitatu zokha, bulauzi, siketi ndi shati, n'zokwanira kutsegulira alubamu, ndipo mukasoka china choposa, chotsani chakalecho.