Mwana wamaliza ntchito, kholo silinafunse: zombi ndi amasiye mu Linux

Pulogalamu ikayamba kugwira ntchito mu kompyuta ya Linux imatchedwa pulosesi. Pulosesi iliyonse ili ndi nambala yakeyake, `PID`. Ilinso ndi kholo, chifukwa pulosesi sibwera yokha, imabadwa kuchokera ku inzake. Kholo limaitana `fork()`, pomwepo mwana n'kubadwa, ndipo nambala ya khololo imalembedwa pa mwanayo ngati `PPID`. Amene amasunga kaundula wa onsewa ndi kenelo, chimake cha Linux, chomwe chimagawira mapulosesi memole ndi nthawi yogwirira ntchito.

Mwana akamaliza ntchito amatuluka ndi `exit()`, n'kusiya kanambala konena mmene wayendera. Akasiya 0 ndiye kuti zayenda bwino, koma akasiya nambala ina, kuyambira 1 mpaka 255, ndiye kuti pali chomwe chavuta. Apa kenelo imalanda memole ya mwanayo ndi kutseka mafayilo onse amene anatsekula. Koma dzina lake simalifufuta m'kaundula. Imasungabe `PID` yake ndi kanambala kaja, poti kholo lingafune kudziwa ngati ntchito imene linatuma yatheka. Imatumizanso uthenga kwa kholo, wotchedwa `SIGCHLD`, wonena kuti mwana wanu uja wamaliza.

Kholo liyenera kuitana `wait()` kapena `waitpid()` kuti limve mmene mwana wathera. Likangotero, kenelo imalipatsa kanambala kaja n'kufufuta mzere wa mwanayo. Pakati pa kutha kwa mwana ndi kufunsa kwa kholo, pulosesiyo imatchedwa zombi.

Dzinali limasokoneza anthu. Mukamva zombi mwina mukuganiza za ndondocha yoyendayenda usiku. Iyayi, zombi ya mu Linux siyenda, sigwira ntchito iliyonse, ndipo memole ya pulogalamu yake inabwezedwa kale. Ndi mzere chabe m'kaundula, wodikira mwini wake adzauwerenge. Pafupifupi pulosesi iliyonse imakhalako zombi kwa kamphindi, kungoti makolo ambiri amafunsa msanga moti inu simuona kanthu.

Tiyeni tipange zombi imodzi kuti muione ndi maso anu. Tsekulani teminolo, mulembe mzere woyambawu, mudikire masekondi awiri kapena atatu, kenako mulembe wachiwiriwo.

```
(sleep 1 & exec sleep 120) &
ps -o pid,ppid,stat,cmd
```

Mzere woyamba ukubereka mwana, `sleep 1`, amene agona sekondi imodzi n'kutha. Mawu akuti `exec` akusandutsa khololo kukhala `sleep 120`, pulogalamu imene imangogona mphindi ziwiri ndipo sidziwa n'komwe zofunsa za ana. Pakati pa mizere ina muona iwiri yonga iyi, ngakhale manambala anu akhala ena:

```
 PID  PPID STAT CMD
4210  4100 S    sleep 120
4211  4210 Z    [sleep] <defunct>
```

Yang'anani mzere wapansiwo. Chilembo `Z` ndi mawu akuti `<defunct>` ndizo zizindikiro za zombi. `PPID` yake ndi 4210, ndiye kuti kholo lake ndi mzere wapamwambawo, umene chilembo `S` chikusonyeza kuti uli mtulo.

Tsopano yesani kuipha ndi `kill -9` ndi nambala yake, monga `kill -9 4211`, muyang'anenso. Ikadalipo. Ambiri amakhumudwira apa, amabwereza lamuloli kangapo poganiza kuti kompyuta yachita makani. Koma chakufa sichiphedwanso, ndipo palibe amene watsala woti alandire lamulolo. Ine ndimati musataye nthawi pa zombi. Vuto lili kwa kholo, choncho maso anu akhale pa `PPID`.

Dikirani mphindi ziwiri zija zikwane, kapena iphani kholo ndi nambala yake, monga `kill 4210`. Mukaonanso mupeza kholo lapita, zombi nayo yapita. Kuti mumvetse chimene chaichotsa, muyenera kudziwa za amasiye.

Wamasiye ndi pulosesi imene kholo lake latha iyo ikadali moyo. Uyu si zombi, ndi wamoyo ndipo akupitiriza ntchito yake. Linux salola pulosesi kukhala yopanda kholo, ndiye kenelo imampezera womulera nthawi yomweyo. Kawirikawiri womulerayo ndi pulosesi nambala 1, yoyamba kubadwa kompyuta ikayatsidwa. Dzina lake lakale ndi `init`, ndipo pa makompyuta ambiri a masiku ano ndi `systemd`. Lembani izi:

```
(sleep 300 &)
ps -o pid,ppid,stat,cmd -C sleep
```

Kholo la `sleep 300` latha litangobereka, choncho pa `PPID` muona 1. Mukaona nambala ina musadabwe. Kuyambira mu Linux 3.4, ya mu 2012, pulosesi ina ikhoza kudzipereka kulera zidzukulu zake zikasiyidwa, ndipo `systemd --user` imachita zimenezi pa makompyuta ambiri a pa desiki.

Womulerayu saiwala kuitana `wait()`. N'chifukwa chake wamasiye akamaliza ntchito amafufutidwa bwinobwino. Zombi yathu ija inachoka m'njira yomweyi: kholo losafunsa litatha, kenelo inaipereka kwa womulera, iye n'kufunsa, mzere n'kufufutidwa.

Kodi zombi imawononga chiyani? Imodzi kapena ziwiri, palibe chodetsa nkhawa. Koma iliyonse imagwira `PID` imodzi, ndipo manambalawa ali ndi malire. Malirewo mungawaone polemba `cat /proc/sys/kernel/pid_max`. Pa makompyuta ena ndi 32768, pa ambiri atsopano ndi 4194304. Taganizani pulogalamu imene imabereka mwana sekondi iliyonse osafunsako ndi kamodzi komwe. Pa ola limodzi ndi zombi 3600, ndipo ngati malire ndi 32768 manambala atha patangodutsa maola 9. Zikafika apo `fork()` imakana, ndipo mukalemba lamulo ngakhale laling'ono mumangolandira yankho lakuti `Resource temporarily unavailable`. N'zowawa, chifukwa ndi nthawi yomweyo imene mukufunitsitsa `ps` kuti muone chavuta. Muzizolowera kuyang'ana mzere wachiwiri wa `top`, pomwe chiwerengero cha zombi chimalembedwa. Chikamangokwera osatsika, fufuzani kholo lake zisanafike poipa.

Kutseka kholo n'kuliyambitsanso kumachotsa zombi za lero, koma mawa zibweranso ngati pulogalamuyo sinakonzedwe. Ndipo pokonzapo pali msampha. Olemba mapulogalamu ambiri amaitana `wait()` kamodzi pa `SIGCHLD` iliyonse, poganiza kuti mwana aliyense abweretsa uthenga wakewake. Si choncho. Ana atatu akatha nthawi imodzi, kholo likhoza kulandira uthenga umodzi wokha, ndiye lifufuta mmodzi, awiri n'kutsala ali zombi. Njira yabwino ndi kufunsa mobwereza mpaka omaliza onse atatha:

```
while (waitpid(-1, &st, WNOHANG) > 0)
    ;
```

Apa `-1` akutanthauza mwana aliyense, `st` ndi pomwe kanambala kaja kaikidwe, ndipo `WNOHANG` akuuza kenelo kuti ngati palibe wina amene wamaliza, isaimitse kholo, ilisiye lipitirize ntchito zake.

Musanatseke teminolo, bwerezani chitsanzo choyamba chija, koma ulendo uno muike `sleep 20` m'malo mwa `sleep 1`, ndipo muphe kholo masekondi 20 asanakwane. Lembani m'kope mwanu `PPID` ndi chilembo cha pa `STAT` cha mwanayo, kholo lisanafe ndiponso litafa, kenako mufotokozere mnzanu wa m'kalasi chifukwa chake `Z` sanaoneke.