Kaphunzitsidwe ka Kalasi ya Ana Oposa 100 Pomwe Mabuku Ndi Ochepa

Kuyambira mu Januwale 2022, pamene boma la Zambia linathetsa malipiro a sukulu, ana ambiri amene ankakhala pakhomo analowa m'makalasi, ndipo ngakhale kuti chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, zipinda ndi mabuku sizinachuluke mofanana ndi anawo. M'maboma akumidzi monga la Vubwi, lomwe linapatulidwa ku Chadiza mu 2012, kuchulukana kotereku kumagwera mphunzitsi mmodzi. Malangizo otsatirawa akutengera chitsanzo cha kalasi ya Giredi 4 ya ana 112, yomwe ili ndi mabuku 14 a Chinyanja ndi ola limodzi la phunziro la kuwerenga.

Choyamba ndi kuzindikira kuti kugawa ana 112 pa mabuku 14, kuti buku lililonse likhale ndi ana asanu ndi atatu, ndi masamu oona koma osathandiza. Buku likatsegulidwa pa desiki, amene angaone zilembo moongoka ndi ana anayi basi, awiri okhala pansi ndi awiri osuzumira pamapewa. Otsalawo amaliona chadodolido kapena saliona n'komwe, ndipo amangotsatira ndi pakamwa. Choncho gulu likhale la ana anayi, zomwe zikupereka magulu 28. Popeza mabuku ndi 14, kalasi igawidwe m'zigawo ziwiri za magulu 14, zomwe zizilandizana mabukuwo m'phunziro limodzi lomwelo.

Magulu asanakhazikitsidwe, mphunzitsi ayese mwana aliyense payekha kuti adziwe pamene wafika. Njira yoyenera ndi imene imagwiritsidwa ntchito mu pulogalamu ya Catch Up, yomwe Unduna wa Maphunziro unayamba kuyesera mu 2016 m'maboma anayi, kuphatikizapo Katete ndi Chipata, potengera nzeru za bungwe la Pratham la ku India. Mwana amapatsidwa pepala limodzi lokhala ndi zilembo, mawu, ndime yaifupi ndi kankhani, ndipo amaikidwa pa mlingo womaliza umene wawerenga bwino. Ngati mwana mmodzi atenga mphindi zitatu, kalasi yonse ifuna maola oposa asanu, kotero ntchitoyi igawidwe: ana 12 patsiku, kwa masabata awiri. Nthawi imeneyi imaoneka ngati yotayika, komabe mphunzitsi amene wailumpha amasankha atsogoleri potengera kuchangamuka kwa pakamwa, pamene mwana wolongolola si nthawi zonse amene amadziwa kuwerenga.

Tiyerekeze kuti ana 30 apezeka kuti amawerenga ndime kapena kankhani. Mwa iwo, 28 akhale atsogoleri a magulu, kutanthauza ana amene adzathandiza anzawo kuyeserera zimene zaphunzitsidwa, ndipo awiri otsalawo akhale olowa m'malo mwa amene wajomba, chifukwa m'nyengo yolima ndi yokolola kujomba kumachuluka. Mtsogoleri aliyense apatsidwe anzake atatu a milingo yosiyana, ndipo m'gulumo mwana aliyense akhale ndi nambala yake, kuyambira 1 mpaka 4. Nambala ya mtsogoleri isakhale yofanana m'magulu onse, kuti pa nthawi ya mafunso nambala imodzi isamagwere atsogoleri okhaokha. Magulu asamasinthidwe tsiku ndi tsiku, chifukwa kusuntha ana oposa 100 kumadya mphindi khumi; akhale omwewo kufikira pamene ana ayesedwanso.

Gawo limene limaiwalika kawirikawiri ndi lokonzekeretsa atsogoleri. Tsiku lililonse poweruka, mphunzitsi atsale nawo kwa mphindi khumi ndi kuwerenga nawo tsamba la mawa, awiriawiri pa buku limodzi, zomwe zikutheka chifukwa atsogoleri ndi 28 ndipo mabuku ndi 14. Aphunzitsidwenso ndondomeko imodzi yosasintha. Mtsogoleri awerenga ndime kamodzi akulozera mawu ndi chala, kenako onse anayi awerengera pamodzi, pomaliza aliyense awerenga chiganizo chimodzi payekha. Mwana akakakamira pa liwu monga "chimanga", mtsogoleri asamuuze msanga, koma awerenge chamumtima mpaka kasanu, kenako aphimbe liwulo ndi chala n'kuonetsa phatikizo limodzi pa nthawi, ndiye kuti chi, ma, nga, kufikira mnzakeyo atalilumikiza yekha. Phatikizo ndi kachigawo ka liwu kotchulika kamodzi, ndipo popeza Chinyanja chimalembedwa mmene chimatchulidwira, mwana amene wadziwa maphatikizo amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Atsogoleri auzidwe momveka kuti alibe mphamvu yomenya, yolemba maina a ochita phokoso kapena yotuma anzawo.

Ola la phunziro ligawidwe panayi. Mphindi khumi zoyamba ndi za mphunzitsi ndi kalasi yonse, pomwe mawu atsopano asanu kapena asanu ndi limodzi amalembedwa pa bolodi ndi kufotokozedwa. M'mphindi 20 zotsatira chigawo choyamba chitenga mabuku ndi kutuluka kukakhala pakhonde kapena pansi pa mtengo woonekera pakhomo la kalasi, pamene mphunzitsi atsala ndi ana 56 opanda mabuku. Amenewa ndiwo afunika mphunzitsi kwambiri, ndipo ntchito yawo ndi yomanga mawu pogwiritsa ntchito timakadi ta maphatikizo todulidwa ku makatoni akale. Apa mphunzitsi aitanire kutsogolo ana osadziwa zilembo ndi kuwaphunzitsa yekha, pamene ena akulemba mawu amene amanga. Zigawo zisinthane kwa mphindi zina 20. M'dzinja, mvula ikatseka pakhonde, owerenga mabuku akhale kumbuyo kwa chipinda ndi kuwerenga motsitsa mawu, ngakhale kuti phindu lake limachepako.

Mphindi khumi zomaliza ndi za mafunso. Mphunzitsi asasankhe okweza manja, koma atchule gulu ndi nambala, monga gulu 17 nambala 3, ndipo mwana ameneyo ndiye ayankhe. Popeza palibe amene akudziwa nambala imene itchulidwe, mtsogoleri amakakamizika kuonetsetsa kuti anzake onse amvetsa. Nambala zomwezi zimapeputsa kuchonga: Lolemba atoleredwe makope a ana onse a nambala 1, omwe ndi 28, Lachiwiri a nambala 2, mpaka Lachinayi, kotero kuti kope la mwana aliyense limaonedwa kamodzi pa sabata.

Vuto lobisika kwambiri ndi kuloweza. Gulu limamveka likuwerenga mokoma, koma ana ena angogwira ndime pamtima pomva mtsogoleri. Pofuna kuzindikira, mphunzitsi aloze liwu la pakati pa tsamba mosatsata ndondomeko, kapena alembe liwu lomwelo pa bolodi. Mwana amene wayamba kulakatula chiganizo kuchokera koyambirira ndiye kuti sakuwerenga. Makope anayi okhala ndi cholakwa chimodzimodzi amasonyeza kukopera kwa mtsogoleri, ndipo buku lokhala m'manja mwa mwana mmodzi mphindi zonse 20 limasonyeza kuti ndondomeko yasiyidwa.

Njirayi ili ndi malire ake, omwe anaonekera kale m'masukulu a Joseph Lancaster ku London kuyambira 1798, kumene ana okulirapo ankaphunzitsa anzawo ambirimbiri koma zambiri zinali zoloweza. Mwana angathandize mnzake kuyeserera, koma sangayambitse mfundo yatsopano, ndipo amene sadziwa zilembo sapindula kwenikweni ndi buku la Giredi 4 ngakhale atakhala pafupi ndi katswiri. Atsogoleri nawonso amagwa ulesi akamangobwereza zosavuta, choncho Lachisanu apatsidwe nkhani yovutirapo yoti awerenge okha. Pakatha temu ana onse ayesedwenso ndi pepala la mtundu womwewo, ndipo amene akwera kufika pa mlingo wa ndime alowe pa utsogoleri.