Phunziro la Sayansi: Momwe Galimoto Imaonera Mizere ya Pamsewu

Ena mwa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito amene akubwera kuchokera ku Japan masiku ano ali ndi batani lojambulidwa kagalimoto pakati pa mizere iwiri. Pa Toyota mungaone zilembo LDA kapena LTA, pa Honda LKAS. Makina amenewa amathandiza galimoto kukhala mu mpata wake. Ikayamba kupatuka dalaivala asanayatse indiketa, ena amangoliza belu kapena kunjenjemeretsa chiwongolero, pomwe ena amachipotolanso pang'ono kuti galimoto ibwerere. Kampani ya Nissan inaika makina otere mu galimoto yake ya Cima ku Japan mu 2001, ndipo lero afala. Koma makinawa sadziwa msewu monga mmene munthu amaudziwira. Amangofunafuna malo amene kuwala kwagundana ndi kuda, ndipo kusiyana kumeneku kukachepa, amasanduka akhungu.

Diso la makinawa ndi kamera yaing'ono yomatidwa mkati mwa galasi lakutsogolo, pamwamba, kuseri kwa kagalasi koonera kumbuyo. Kamerayi imajambula msewu kambirimbiri, nthawi zambiri zithunzi pafupifupi 30 pa sekondi. Chithunzi chilichonse chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala yosonyeza kuwala kwake. Pa chithunzi wamba chopanda mitundu, 0 ndi kuda bii, 255 ndi kuyera mbee.

Kompyuta imawerenga manambalawa chopingasa msewu, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Tiyeni tigwiritse ntchito manambala ongoyerekeza. Pa msewu watsopano, phula lakuda lingapereke 60, kenako nambala nkudumpha kufika 200, patangopita timadontho tochepa nkutsikanso pa 60. Kukwera ndi kutsika kotereku kukusonyeza chinthu chowala koma chopapatiza, ndipo kompyuta imaika chizindikiro pamenepo. Ikachita chimodzimodzi m'chithunzi chonse, zizindikirozo zimandandalika. Ndiye imafunsa: kodi zapanga mzere wowongoka kapena wokhota pang'onopang'ono? Kodi mizere iwiriyi yatalikirana ngati mpata weniweni, mamita atatu kapena kupitirira pang'ono? Kodi ili pafupi ndi pamene inali m'chithunzi chapitacho? Mayankho akakhala inde, imavomereza kuti yapeza mpata. Funso lomalizali ndi limene limaithandiza kutsatira mzere wodukizaduka wapakati pa msewu, chifukwa imalingalira pamene mzerewo uyenera kuonekeranso.

Ikapeza mizere, chotsala ndi masamu a fomu 1. Tiyerekeze kuti mpata ndi wa mamita 3.4 m'lifupi ndipo galimoto ndi ya mamita 1.8. Ikakhala pakati penipeni, mbali iliyonse kwatsala mamita 0.8. Dalaivala akayamba kuwodzera, galimoto nkumasendera kumanja mamita 0.4 pa sekondi, tayala lidzaponda mzere pakatha masekondi awiri, chifukwa 0.8 kugawa ndi 0.4 ndi 2. Ngati liwiro lili makilomita 72 pa ola, galimoto ikuyenda mamita 20 pa sekondi, kutanthauza kuti m'masekondi awiriwo yadutsa mamita 40. Makinawa ayenera kuchenjeza kapena kupotola chiwongolero mtunda umenewu usanathe. Nchifukwa chake safuna kungoona mzere pafupi ndi bampala, koma mamita makumi angapo kutsogolo.

Tsopano tiyeni tipite pa msewu wokalamba. Penti imanyotsoka ndi matayala, ndiye imathimbirira. Phula nalo limayezuka ndi dzuwa, timiyala take nkuyamba kuonekera. Choncho choyera chikuda pomwe chakuda chikuyera. M'chitsanzo chathu, penti yatsika kufika 120 ndipo phula lakwera kufika 100. Kusiyana kumene kunali 140 kwatsala 20 basi. Vuto nlakuti timiyala ndi zigamba za pamsewu nazonso zimasiyana ndi phula lozizungulira ndi manambala ngati omwewo. Opanga makina akaiuza kompyuta kuti izivomereza kusiyana kochepa chonchi, iziona mizere paliponse. Akaiuza kuti izifuna kusiyana kwakukulu, iziphonya mzere weniweni. Palibe malire amodzi amene angathetse mavuto onse awiri.

Fumbi limaononga pawiri. Pansi, limakwirira penti ndi phula ndi mtundu umodzi wa dothi, makamaka m'mphepete mwa msewu ndi pa malo ochitira malonda pamene misewu yafumbi imalumikizana ndi wa phula. Nthawi ya dzinja, matope okokoloka amachita zomwezo. Pagalasi, fumbi limamwaza kuwala. Dzuwa likapendeka, m'mawa kapena madzulo, nkuomba pa galasi lafumbi, chithunzi chonse chimachita mbuu ngati chifunga, ndipo ngakhale mzere watsopano umazimirira. Komanso mawaipa a magalimoto ena safika bwino pamwamba pamene pali kamera.

Usiku pali chinthu china. Penti yabwino ya pamsewu imawazidwa timikanda tagalasi tating'onoting'ono timene timabweza kuwala kwa nyali kumene kwachokera. Ndi timeneti timachititsa mzere kuwala patali. Timikandati tikasosoka, kapena tikakwiririka ndi fumbi kapena madzi a mvula, mzere umene masana umaoneka ndithu umasowa usiku.

Kusaona mzere si vuto lalikulu kwambiri, chifukwa makinawa amangosiya kugwira ntchito. Choopsa ndi kuona mzere pamene palibe. Phula lothiridwa mu mng'alu wautali limanyezimira pa dzuwa ngati penti. Mzere wakale umene sunafufutike bwino atakonza msewu ungaoneke kuposa watsopano. Mchenga woyera wondandalika m'mbali, kapena mthunzi wa waya wamagetsi, nazo zingasocheretse kompyuta. Zikatero chiwongolero chingakokere mbali yolakwika. Mphamvu yake ndi yochepa mwadala, kotero dalaivala amene wagwira ndi manja awiri amaigonjetsa mosavuta, koma amene watayirira angadzidzimuke. Kumbukiraninso kuti ntchito ya makina osunga mpata ndi kuyang'ana mizere. Dalaivala akamapatukira wakabaza osayatsa indiketa, makinawo angayese kumubwezera mu mpata.

Nanga dalaivala angadziwe bwanji kuti makina akuona? Ayang'ane pa dashibodi. Magalimoto ambiri amaonetsa timizere tiwiri: tikawala kapena kusintha mtundu, mizere yapezeka, tikazilala, makina sakuthandiza, ngakhale batani lili loyatsa. Nthawi zambiri kusinthaku kumachitika mwakachetechete, popanda belu. Komanso makinawa amayamba kugwira ntchito liwiro likakwana, pa magalimoto ambiri pakati pa makilomita 50 ndi 70 pa ola, kutengera mtundu wake. Makolo amene muli ndi galimoto yotere, pukutani galasi pamalo pa kamera musananyamuke, musamatepo mapepala, ndipo mukasintha galasi lakutsogolo, kamera iyenera kuchunidwanso. Ikapendeka pang'ono chabe, imalakwitsa kwambiri pa zinthu zakutali.

Ophunzira, yesani izi. Jambulani mzere woyera ndi choko pa katoni yakuda, muutole chithunzi ndi foni, kenako muchisandutse chopanda mitundu. Wazani dothi louma pang'ono pa katoniyo mutolenso china. Chachitatu mutole kudzera pa pulasitiki woonekera amene mwamuwaza fumbi, mutayang'ana chakumene kuli dzuwa. Yerekezani zithunzi zitatuzi ndipo mulembe kuti ndi pa chiti pamene m'mphepete mwa mzere mwasowa kwambiri. Pomaliza werengerani: galimoto ya mamita 1.8 ili pakati pa mpata wa mamita 3.0, ikuyenda mamita 25 pa sekondi ndipo ikusendera kumbali mamita 0.3 pa sekondi. Kodi iyenda mamita angati isanaponde mzere?